Silabu Imadya Konkire Yochuluka Bwanji? Masamu Oyenera Kuchita Musanagule Simenti

Simenti anatha nthawi ili cha m'ma 3 koloko masana. Ndinali pamalopo chifukwa mlamu wanga anandipempha kuti ndidzamuthandize kuyang'anira anyamata aganyu pa tsiku lothira silabu ya nyumba yake, chakumtunda kwa msika wa Lunzu. Ntchito inayamba kusanache bwino, mawilibala akungopatsana njira pa thabwa, fosholo ili kwee kwee pa miyala. Koma thumba lomaliza litang'ambidwa, chipinda chathunthu cha kungodya chinali chikanali pulasitiki yakuda yokhayokha, konkire isanafikeko. Mlamu anawerenga matumba opanda kanthu kawiri, akuganiza kuti mwina ena adutsa kuseri kwa mpanda. Anakwana 40, ndendende monga anagulira.

"Amisiri, simunanene nokha kuti matumba 40 akwana?"

"Bwana, nyumba ya zipinda zitatu imadya 40. Ndathira zambiri ine."

Mmisiriyo sananame, ndipo palibe anaba. Nambala ya 40 inangochokera m'mutu, mozolowera, osati pa tepi yoyezera. Madzulo ake tinakhala pa mulu wa njerwa ndi pensulo, n'kulemba masamu kuseri kwa thumba la simenti, masamu omwe tikanachita mlungu umodzi m'mbuyomo. Sanatitengere ngakhale mphindi khumi.

Konkire imayezedwa m'makiyubiki mita, omwe pa mapulani ndi pa malisiti amalembedwa m³. Kiyubiki mita imodzi ndi bokosi lomwe mulitali mwake ndi mita imodzi, mulifupi mita imodzi, msinkhu mita imodzinso. Mutati mulidzaze madzi, mungalowe malita 1,000, kutanthauza migolo isanu ya malita 200, kapena ndowa 50 za malita 20. Wilibala ya amisiri yodzaza mongolekeza m'milomo, yopanda nsonga, imanyamula malita pafupifupi 65, choncho bokosi lija limafuna mawilibala 15 ndi kachidutswa. Likadzaza konkire limalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Ndikunena zimenezi kuti munthu akamva zoti kwapelewera kiyubiki mita imodzi yokha, asaganize kuti ndi zoti mwana angathamangire kugolosale.

Silabu ya makona anayi ndi bokosi lomwelo, kungoti ndi lotambalala ndi lophwatalala. Kuti mudziwe konkire yolowamo, mumachulukitsa manambala atatu: mulitali × mulifupi × kukhuthala. Ya mlamu wanga inali mamita 9.6 mulitali ndi mamita 7.5 mulifupi. Awiriwa mukawachulukitsa akupereka masikweya mita 72, komwe ndi kukula kwa pansi ponse. Pulani inanena kuti silabu ikhuthale mamilimita 100.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Manambala onse atatu ayenera kukhala m'mamita musanawachulukitse. Mamilimita 100 ndi masentimita 10, ndipo m'mamita ndi 0.1. Ndiye 72 × 0.1 = 7.2, makiyubiki mita 7.2. Wina amayeza mulitali ndi mulifupi m'mamita, kenaka n'kulemba 10 pa kukhuthala chifukwa tepi yamuonetsa masentimita 10. Foni imamuyankha 720. Cholakwika chotere n'chabwinoko, popeza aliyense amaona kuti konkire yochuluka chonchi ndi yomangira mlatho. Choopsa ndi cha amene walemba 0.01 m'malo mwa 0.1. Iye amapeza 0.72, nambala yooneka yofatsa ndi yokomera thumba, n'kupita kukagula katundu wokwanira silabu yopyapyala ngati chikuto cha buku. Njira yosavuta ndi yogawa mamilimita ndi 1,000: mamilimita 75 ndi 0.075, mamilimita 125 ndi 0.125, mamilimita 150 ndi 0.15. Pali kayesedwe kenanso kongochita m'mutu. Pa silabu ya masentimita 10, kiyubiki mita imodzi imayala masikweya mita 10. Ngati pansi panu ndi masikweya mita 72 ndipo yankho lanu silili pafupi ndi 7, bwererani pa dontho lija.

Amisiri akale ambiri amalankhulabe za mafiti ndi mainchesi, ndipo tepi zambiri zogulitsidwa m'mashopu a zipangizo zili ndi manambala a mitundu yonse iwiri, ena m'mwamba ena m'munsi. Akanena kuti silabu ya mainchesi anayi, akunena mamilimita 101.6, yomwe ndi silabu ya 100 yomweyi. Fiti imodzi ndi mamita 0.3048. Ngati mwayezera m'mafiti, sinthani nambala iliyonse ikhale m'mamita musanayambe kuchulukitsa, ndipo wogwira tepi ndi wolemba agwirizane mzere womwe akuwerenga.

Musanakhulupirire 9.6 ndi 7.5 uja, funsani kuti konkire ikathera pati. Pali amisiri omwe amathira silabu mkati mwa makoma a maziko okha, ndipo pali ena omwe amaiyala mpaka pamwamba pa makomawo, n'kutchinga kunja ndi matabwa kapena mzere wa njerwa. Kwa mlamu wanga inakwera pamwamba pa makoma, n'chifukwa chake tinayeza kunja mpaka kunja. Ikanathera mkati mwa makoma okhuthala mamilimita 230, tikanachotsa 0.46 mbali iliyonse ya muyeso, kutsala 9.14 ndi 7.04. Pamenepo konkire ikanakhala makiyubiki mita 6.4 basi, tisanachotseko ngakhale makoma a mkati. Kusiyana kwa 7.2 ndi 6.4 ndi matumba asanu a simenti. Komanso yezani pamalopo, musangokopera za pa pulani. Maziko akakumbidwa ndi kumangidwa, kawirikawiri nyumba imakula kapena kuchepa ndi masentimita angapo. Yezani mbali zonse zinayi, kenaka kokani tepi kuchoka pa ngodya imodzi kudutsa pakati kukafika pa ngodya yopingasana nayo, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi ngodya ziwiri zinazo. Pa nyumba ya 9.6 ndi 7.5, miyeso iwiriyi iyenera kufanana, iliyonse mamita 12.18. Mbali ziwiri zoyang'anizana zikasiyana pang'ono, mwachitsanzo 9.6 ndi 9.7, tengani ya pakati pake kapena yaikuluyo. Khonde, masitepe ndi m'mphepete momwe akumba mozamirapo kuti silabu ilimbe, zonsezi ndi timabokosi tapadera. Khonde la mamita 4.5 ndi 1.8 pa kukhuthala komweko ndi makiyubiki mita 0.81, ndipo mumangowaphatikiza pa 7.2 uja. Nyumba yokhota ngati chilembo cha L mumaidula pa pepala kukhala makona anayi awiri.

Tsopano 7.2 ndi konkire ya silabu ya pa pepala, yosalala pansi ngati tebulo, yothiridwa popanda kadontho kogwera pambali. Silabu yotere kulibe. N'chifukwa chake owerengera zomangamanga amaonjezerapo ina yoti iphimbe zowonongeka, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 peresenti. Kuonjezera 10 peresenti ndi kuchulukitsa ndi 1.1, ndipo 5 peresenti ndi 1.05. Kwa ife, 7.2 × 1.1 = 7.92, yomwe munthu wanzeru amangoitcha 8. Pozungulitsa nambala ya konkire mumakweza, simutsitsa.

Mawu oti zowonongeka amasocheretsa. Mwininyumba akawamva amaganiza za konkire yotayikira m'njira wilibala ikagwedezeka pa thabwa, yokakamira pa fosholo, yotsalira pansi pomwe amapondera. Zimenezo zilipodi, ndipo amisiri akamapondera pa dothi lenileni m'malo mwa malata kapena pamalo owaka, ya pansi penipeni imasakanikirana ndi dothi moti siyeneranso kulowa mu silabu. Matabwa a m'mbali akakhala osakhomedwa bwino amafutukira kunja konkire ikawakankha, ndipo mimba imeneyo imadzazidwa ndi ndalama zanu. Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi zomwe zimachitika pansi pa silabu, pomwe diso silifika.

Taganizirani. Pa masikweya mita 72, sentimita imodzi yokha ya kuzama koposa muyeso ndi 72 × 0.01, makiyubiki mita 0.72. Nambala imeneyi ndi 10 peresenti ya 7.2, ndendende. Kutanthauza kuti pansi pakangozama ndi sentimita imodzi, kukula kwa chikhadabo cha chala chaching'ono, yonse munaonjezera ija yatha, wilibala ngakhale imodzi isanagubuduke. Izi sizidalira kukula kwa nyumba. Pa silabu iliyonse ya masentimita 10, sentimita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa yopyapyala ya mamilimita 75 zimafika 13 peresenti, pa yokhuthala ya 150 zimatsikira pafupi ndi 7. Mukalakwitsa mulitali ndi masentimita 10 athunthu, pa nyumba yomweyi mwangotaya makiyubiki mita 0.075, wilibala imodzi ndi pang'ono. Komabe anthu amakangana pa mulitali, kukoka tepi katatu, pomwe kuzama amangokuyang'ana ndi maso n'kunena kuti kuli bwino.

Ndipo pansi pa silabu sipakhala posalala mwa pokha. Mkati mwa maziko mumathiridwa dothi, pamwamba pake zidutswa za njerwa kapena miyala, zonsezo n'kutsenderedwa. Zidutswazo zimasiya mipata ndi maenje. Mmisiri wosamala amathirapo mchenga wotseka mipatayo, kuusalaza, kenaka n'kuyala pulasitiki yoletsa chinyontho. Wachangu amangoyala pulasitiki pamwamba pa zidutswa, ndipo konkire, yolemera monga tanenera, imaikankhira m'dzenje lililonse. Pomwe sanayale pulasitiki n'komwe, madzi a simenti amatsikira m'mipata ya njerwa, kusiya konkire yochepa ndi yofooka. Dothi likakhala losatsenderedwa mokwanira, limatitimira anthu akamapondapo ndi mawilibala odzaza, moti kuzama komwe munayeza m'mawa sikukhala komweko masana.

M'chipinda chotsala chija tinachita zomwe tikanachita pachiyambi pa nyumba yonse. Tinakoka chingwe cha amisiri kuchoka pamwamba pa thabwa la mbali ina kukafika pa la mbali inayo, n'kuchimanga molimba kuti chisagwe pakati. Kenaka tinaimika tepi pansi m'malo osiyanasiyana, kuwerenga pomwe chingwe chikudutsa. Tinayeza malo 12. M'mphepete, pomwe mmisiri amayang'ana kwambiri, munali masentimita 10 kapena 10 ndi theka. Chapakati panali 11, 12, ndipo malo amodzi, pomwe wotsendera anakhalitsa, panali 13. Titaphatikiza manambala onse anakwana 132, ndipo kugawa ndi 12 kunatipatsa 11. Ngati nyumba yonse inali choncho, ndipo matumba omwe anatha anasonyeza kuti inalidi choncho, silabu yomwe tonse timaitcha ya masentimita 10 inali ya 11. Konkire yake yeniyeni inali 72 × 0.11 = 7.92, tisanawerengere yotayika ndi yokakamira.

Chingwe chimenechi ndicho chimakuuzani peresenti yoyenera, m'malo mongotola 10 chifukwa ndi yomwe anthu amatchula. Mukayeza n'kupeza kuti paliponse pali masentimita 10, kusiyana kwake mamilimita awiri kapena atatu, pulasitiki yayalidwa pa mchenga wosalala, matabwa ndi olimba, 5 peresenti ikukwanirani, ndipo 7.2 ikhala 7.6. Mukapeza zonga tinapeza ife, muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kuvomereza kuzamako, kuwerengera 0.11, n'kuonjezerapo 5 peresenti ya zotayika zenizeni, kufika 8.3. Kapena mukhoza kuchotsa pulasitiki, kuthira mchenga m'malo ozama, kutsendera, kuyezanso. Ine ndingasankhe yachiwiriyi nthawi zonse. Dzenje la makiyubiki mita 0.72 mukalidzaza ndi mchenga ndi mawilibala 11 a mchenga ndi thukuta la theka la tsiku. Mukalidzaza ndi konkire ndi matumba anayi ndi theka a simenti, kuphatikizapo miyala yake. Ngati mulibe mpata woyeza, pansi ndi pa zidutswa zosatsekedwa ndi mchenga, ndipo konkire ikupondedwa pamanja patali ndi nyumba, musachite manyazi kuika 15 peresenti. Chingwe chomwechi chimaonetsanso vuto linalo, la malo otukuka pomwe silabu ikanangokhuthala masentimita 7. Pamenepo simutaya konkire, koma ndi pomwe mng'alu umadzayambira, choncho pafunika kupala.

Amene akugula konkire yosakaniza kale, yobwera pa galimoto ya mgolo wozungulira, masamu ake athera pomwepa. Amatchula makiyubiki mita 8 ndi mphamvu ya konkire yolembedwa pa pulani, basi. Koma ambiri a ife timagula simenti kushopu, mchenga kwa a kumtsinje, miyala kwa ophwanya m'mbali mwa msewu kapena kukwale, n'kupondera pamalopo. Tiyenera kusandutsa 8 uja kukhala matumba ndi matiripi.

Apa pali chinthu chodabwitsa munthu akachimva koyamba. Mukasakaniza simenti, mchenga ndi miyala zokwana makiyubiki mita 8 zili zouma, simupeza konkire yokwana 8. Mupeza yongopitirira 5 pang'ono. Tengani ndowa yodzaza miyala, muthiremo mchenga uku mukugwedeza. Mchengawo ulowa wambiri ndithu ndowa isanasefukire, chifukwa ukukhala m'mipata ya miyala. Simenti nayenso amalowa m'mipata ya mchenga, ndipo madzi amazikhazika zonse pamodzi. Pofuna kubweza kuchepa kumeneku, owerengera ambiri amachulukitsa konkire yonyowa ndi 1.54 kuti apeze katundu wouma wofunika. Nambalayi ndi yongoyerekeza, imasuntha pang'ono malinga ndi mtundu wa mchenga ndi kukula kwa miyala, koma pa nyumba wamba imagwira ntchito. Choncho 8 × 1.54 = 12.32.

Katundu woumayu timamugawa motsata kasakanizidwe. Pulani ya mlamu inalemba 1:2:4, kutanthauza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, yonse pamodzi miyeso 7. Kugawa 12.32 ndi 7 kukupereka 1.76, ndiwo makiyubiki mita a simenti. Mchenga ndi kawiri kake, 3.52, ndipo miyala ndi kanayi, 7.04. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limatenga malo a malita pafupifupi 35, ndiye malita 1,760 ndi matumba 50 ndi kachidutswa, tinene 51. Chosavuta kusunga m'mutu n'chakuti pa 1:2:4 kiyubiki mita iliyonse ya konkire imadya matumba 6 ndi pang'ono, pafupifupi 6.3.

Mlamu atayang'ana 51 anatembenukira kwa mmisiri uja, nkhope itasintha. Ndinamupempha kuti adikire kaye tiyese kasakanizidwe kena. Pa 1:3:6 miyeso yonse ndi 10, simenti ndi makiyubiki mita 1.23, omwe ndi matumba 36. Mmisiri anaseka. "Mwaona, bwana? 40 inali ndi chenji." Nyumba zonse zomwe ankanena kuti wathira ankazithira ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, mawilibala atatu a miyala, mwinanso kupitirira. Koma tsiku limeneli mlamu anaima pomwe ankapondera kuyambira m'mawa, pulani ili m'manja, kuonetsetsa kuti thumba lililonse likulandira wilibala imodzi ya mchenga ndi ziwiri za miyala, zomwe zili pafupi ndi 1:2:4, popeza wilibala imodzi ndi pafupifupi matumba awiri. Wina anawerengera konkire ina, wina analamula ina, ndipo sanakhalepo pansi kuti amvane. Matumba 40 pa 1:2:4 amatulutsa makiyubiki mita 6.3. Pa kuzama kwa masentimita 11 imeneyo imayala masikweya mita 57. Otsala 15 ndiwo chipinda chomwe tinali titakhala moyang'anizana nacho.

Kasakanizidwe koyenera si nkhani yoti masamuwa akusankhireni. Kamachokera pa pulani kapena kwa injiniya, malinga ndi zomwe zidzakhale pa silabuyo. Pansi pa chipinda chogona ndi pansi pa chigayo kapena garaja ya lole si chimodzimodzi. Silabu ya nyumba yosanja, yolenjekeka m'mwamba, kawerengedwe ka makiyubiki mita ndi komweka, koma kukhuthala kwake, zitsulo zake ndi mphamvu ya konkire yake musazitole m'magazini. Za waya ndi zitsulo zolowa mu silabu ya pansi, musavutike kuzichotsera pa masamu, malo omwe zimatenga ndi ochepa kwambiri.

Pali kulakwitsa kwina kwa anthu osamala mopitirira. Amaonjezera 10 peresenti pa konkire, kenaka akapeza matumba 51 n'kuonjezeranso 10 peresenti, kenaka mmisiri naye n'kuikapo ake awiri. Zowonongeka zimalowa kamodzi kokha, pa makiyubiki mita, ndipo matumba, mchenga ndi miyala zimatengera pomwepo. Ena amachita mosiyana: amaganiza kuti 1.54 uja ndiye waphimba kale zowonongeka, n'kusiya 10 peresenti. Ayi. 1.54 ndi wa mipata ya pakati pa miyala ndi mchenga, sakudziwa kanthu za maenje a pansi panu. Simenti wotsala wochuluka si chuma chosungika. Thumba likakhala miyezi ingapo, makamaka nthawi ya dzinja, limakoka chinyontho n'kuyamba mibulu. Awiri kapena atatu otsala adzalowa m'matope omangira makoma mlungu wotsatira, koma khumi ndi ndalama yogona.

Mchenga ndi miyala zili ndi msampha wake, chifukwa sizigulitsidwa m'makiyubiki mita. Mumamva za tiripi, za ngolo, za lole ya matani 7. Tani ndi kulemera, si kukula kwa malo. Kiyubiki mita imodzi ya miyala yophwanya kapena ya mchenga imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, choncho miyala yathu ya makiyubiki mita 7 ili cha m'ma matani 10 kapena 11, ndipo lole ya matani 7 siingabweretse ulendo umodzi. Njira yachidule ndi kukwera pa loleyo ndi tepi yomwe ija. Bodi yake nayonso ndi bokosi. Ngati mulitali ndi mamita 3.6, mulifupi 2, ndipo katundu wafika masentimita 60 mutamusalaza, ndiye 3.6 × 2 × 0.6 = 4.32. Mchenga wa tiripi imodzi yotere ukwana, miyala ikufunika maulendo awiri. Yezani asanakhuthule, chifukwa mulu ukakhala pansi umaoneka waukulu kuposa momwe ulili. Mchenga wonyowa wongochoka kumtsinje umafufuma, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, moti wilibala yodzaza imakhala ndi mchenga wochepa kuposa momwe ikuonekera. Pa mchenga ndi bwino kugula mopitirirako, popeza wotsala suwonongeka. Madzi nawo akonzedwe dzulo lake. Thumba lililonse limafuna malita pafupifupi 25, choncho matumba 51 ndi migolo yoposa isanu ndi umodzi, osawerengera othirira silabu masiku asanu ndi awiri otsatira.

Chomwe chimapangitsa kuperewera kukhala koipa si ulendo wa kushopu wokha. Konkire imayamba kugwira pakangopita maola ochepa. Yatsopano ikadzathiridwa mawa pambali pa ya dzulo, ziwirizi sizilumikizana ngati thupi limodzi, pamatsala msoko womwe ukhoza kudzang'aluka kapena kulowetsa chinyontho ndi chiswe. Choipa kuposa pamenepo ndi chomwe aganyu amachita mwakachetechete akaona matumba akuchepa. Safuna kubwereranso mawa pa malipiro omwewo, ndiye wilibala ya mchenga imayamba kukhala ndi nsonga, miyala imaonjezekera, madzi amachuluka kuti ziyende msanga. Silabu imatha ndithu, aliyense n'kuomba m'manja, koma chipinda chomaliza chimadzayamba kufumbutuka mukamasesa. Ngati zavuta ndipo muyenera kuima, imani pa mzere wowongoka, mutatchinga ndi thabwa loimirira, makamaka pomwe padzadutse khoma la mkati. Musasiye konkire itangotsetsereka ngati gombe la mtsinje. Ife tinachita mwayi kuti inathera pafupi ndi mzere wa khoma la chipinda chija, ndipo mmisiri anadula m'mphepete mwake ndi fosholo isanaume.

Masamu omwewa amakuchenjezani ntchito ili mkati, ngati mwawakonzekera. Musanayambe, gawani mulitali panayi n'kulemba zizindikiro pa thabwa la m'mbali ndi choko kapena khala. Pa nyumba ya mamita 9.6, chizindikiro chilichonse chili pa mamita 2.4, ndipo gawo lililonse ndi masikweya mita 18, konkire yake makiyubiki mita 1.8. Pa 1:2:4 amenewo ndi matumba 11 kapena 12, ndipo malire ake ndi 13, gawo limodzi mwa anayi la 51 uja. Uzani mnyamata mmodzi kuti matumba opanda kanthu aziwasanja pamalo amodzi, mwala pamwamba. Konkire ikafika pa chizindikiro choyamba, werengani. Mukapeza 12, pitirizani. Mukapeza 15, nyumba yonse ikupita ku 60, ndipo nthawi ikadali 9 koloko m'mawa, shopu ili chitsegulire, wa njinga akhoza kupita ndi kubwera konkire isanagwire. Mukapeza 8, musasangalale. Kaimeni pomwe akupondera muone mawilibala angati akulowa pa thumba, kenaka mubaye kachitsulo mu konkire yonyowa muone ngati ikufikadi masentimita 10.

M'mawa mwake mlamu anafuna kungogula matumba khumi. Tinabwereranso pa thumba lathu la masamu. Chipinda chotsala chinali masikweya mita 15. Mmisiri anali atakweza pulasitiki n'kuthira mawilibala awiri ndi theka a mchenga chapakati, ndipo chingwe chinkawerenga masentimita 10 paliponse. Ndiye 15 × 0.1 = 1.5, kuchulukitsa ndi 1.05 kukhala 1.58, kuchulukitsanso ndi 6.3 kukhala 9.95.

"Ndi khumi omwewo, alamu," anatero akuseka.

Anagula 11. Pofika 11 koloko chipinda chinali chitathiridwa, ndipo thumba limodzi losatsegula analinyamulira m'kanyumba ka mlonda, n'kuliika pa matabwa kuti lisakhudze pansi.